Kufunsa za ulumali, chilankhulo ndi jenda m'njira imene anthu amavomera kuyankha

Pa kalembera wa m'chaka cha 2008, ofesi ya kalembera ya ku Zomba inapeza kuti anthu pafupifupi 4 mwa 100 alionse m'Malawi anali ndi ulumali, koma pa kalembera wa 2018 chiwerengerochi chinapitirira pang'ono anthu 10 mwa 100 alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo. Palibe mliri umene unalumaza anthu ochuluka chotere m'zaka khumi zimenezo. Chimene chinasintha kwambiri ndi kafunsidwe, ndipo aliyense amene amakonza mafomu kapena kutumiza anthu m'midzi kukachita kafukufuku ayenera kumvetsa mmene kusinthaku kunachitikira.

Mukafunsa kuti, "Kodi m'nyumba muno muli munthu wolumala?" mukupempha banja kuti liike dzina lolemera pa m'bale wawo pamaso pa mlendo. Ena amakana chifukwa cha manyazi kapena kuopa kusalidwa, koma ambiri amakana moona mtima, popeza m'maganizo mwawo wolumala ndi munthu woyenda panjinga ya olumala kapena wosaoneratu. Agogo amene maso awo achita ng'ala sadziwerengera m'gulu limenelo, chifukwa kwa iwo uwo ndi ukalamba basi.

Pofuna kuthetsa vuto limeneli, gulu la akatswiri lotchedwa Washington Group, limene linakhazikitsidwa mu 2001 pansi pa nthambi ya ziwerengero ya United Nations, linakonza mafunso asanu ndi limodzi amene satchula ulumali ngakhale pang'ono. Mafunsowa amafunsa ngati munthu amavutika kuona ngakhale atavala magalasi, kumva ngakhale atavala chipangizo chothandizira kumva, kuyenda kapena kukwera masitepe, kukumbukira kapena kuika maganizo pa chinthu, kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, ndiponso kumvana ndi ena polankhula chilankhulo chake cha masiku onse. Yankho si eya kapena ayi. Pa funso lililonse munthu amasankha chimodzi mwa zinayi: savutika, amavutika pang'ono, amavutika kwambiri, kapena sangathe n'komwe. Anthu amayankha mafunso otere mosavuta chifukwa amakamba za zinthu zimene amachita tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene amachita manyazi kunena kuti mawondo amamuvuta pokwera chitunda.

Tiyerekeze kuti wofunsa wafika kwa mayi wa zaka 70. Pa kuona, mayiyo akuti amavutika kwambiri, moti sazindikira munthu mpaka atalankhula. Pa kuyenda akuti amavutika pang'ono, ndipo pa mafunso anayi otsalawo akuti savutika. Wofunsa sagamula chilichonse pakhomopo, amangolemba zimene wauzidwa. Chigamulo chimachitika powerengera, pamene lamulo lake ndi lakuti munthu awerengedwe kuti ali ndi ulumali ngati wanena kuti amavutika kwambiri kapena sangathe n'komwe pa funso limodzi kapena angapo. Mayiyu awerengedwa chifukwa cha maso, osati chifukwa cha miyendo, ngakhale kuti iye sanadzitchulepo wolumala. Malire amenewa amasintha chiwerengero kwambiri. Kafukufuku wa ku Zambia wa 2006 anapeza anthu 14.5 mwa 100 alionse pophatikiza ovutika pang'ono, koma 8.5 okha powerenga ovutika kwambiri ndi osatheratu, pamene kalembera wa 2000 wa dziko lomwelo, amene anafunsa mwa njira yakale, anapeza 2.7. N'chifukwa chake lipoti limene silikunena malire amene linagwiritsa ntchito sindilikhulupirira msanga.

Zinthu zimawonongekera kwambiri pakamwa pa wofunsa. Akangoyamba ndi mawu akuti tsopano akufunsa za ulumali, phindu lonse la mafunsowa latha. Chimodzimodzinso akatopa n'kusiya kuwerenga mayankho anayi aja, chifukwa anthu amabwerera ku eya kapena ayi. Woyang'anira angazindikire zimenezi poona mafomu: ngati wofunsa mmodzi alibiretu yankho la "amavutika pang'ono" m'mudzi wonse, ngakhale kwa okalamba, pamene anzake ali nalo lambiri, ndiye kuti sakuwerenga mayankho, kapena akufunsa mutu wa banja funso limodzi la anthu onse.

Mafunsowa ali ndi polekezera. Sanakonzedwere ana osakwana zaka zisanu, ndipo amaphonya ana ambiri amene ali ndi vuto la kuphunzira, n'chifukwa chake gulu la Washington Group lija pamodzi ndi UNICEF linatulutsa mu 2016 mafunso apadera a ana a zaka 2 mpaka 17. Safunsanso za nkhawa, khunyu kapena chialubino. Kalembera wa 2018 anafunsa za chialubino payekha ndipo anapeza anthu 134,636.

Funso la chilankhulo limafunanso kuti tifunse zimene munthu amachita, osati chimene iye ali. Kalembera wa 1998 anafunsa za chilankhulo chimene chimalankhulidwa kwambiri pakhomo, ndipo olankhula Chilomwe sanafike 3 mwa 100 alionse, pamene mu 2018, atafunsa za mtundu, Alomwe anali pafupifupi 19 mwa 100 alionse. Ziwerengero zonsezi n'zoona, koma zikuyankha mafunso osiyana, ndipo amene angatenge mtundu m'malo mwa chilankhulo posindikiza timapepala ta zaumoyo adzawononga ndalama. Funso labwino limati, "Kodi pakhomo pano mumalankhula kwambiri chilankhulo chiti?" kenako n'kufunsa ngati pali chinanso, chifukwa banja la ku Mangochi lingalankhule Chiyao ndi agogo koma Chichewa ndi ana, ndipo kulikakamiza kusankha chimodzi kumamveka ngati kulifunsa kuti likane mbali ina ya makolo. Pamndandanda pakhale chilankhulo chamanja ndiponso malo olembapo china.

Pa jenda, ine ndimalangiza kuti munthu afunsidwe yekha, osati wofunsa alembe mongomuyang'ana, komanso kuti pakhale yankho lakuti "sindikufuna kuyankha". Dziko la Kenya linawonjezera pa kalembera wa 2019 yankho lachitatu la anthu obadwa ndi ziwalo zosadziwika bwino ngati n'zachimuna kapena zachikazi, ndipo analembedwa anthu 1,524. Kumene yankho lingaike munthu pangozi, funsolo lisafunsidwe pagulu, ndipo ngati zotsatira zake sizidzagwira ntchito iliyonse, lisafunsidwe n'komwe.

Kuti anthu ayankha funso sizitanthauza kuti alimvetsa. Kalembera wa 2021 wa ku England ndi Wales anafunsa anthu a zaka 16 kapena kuposerapo ngati jenda imene amadzidziwa nayo ndi yofanana ndi imene analembedwa pobadwa, ndipo pafupifupi 262,000 anayankha kuti ayi. Pambuyo pake kunaoneka kuti anthu osadziwa bwino Chingerezi anayankha choncho mochuluka mokayikitsa, moti mu 2024 ziwerengerozo zinachotsedwa pa gulu la ziwerengero zovomerezeka mokwanira. Njira yotulukira vuto lotere fomu isanasindikizidwe ndiyo kukhala pansi ndi anthu ochepa a misinkhu ndi zilankhulo zosiyana, osaphunzira ndi a ulumali omwe, kuwafunsa funsolo, kenako n'kuwapempha kuti alinene m'mawu awoawo ndi kufotokoza chimene chawachititsa kusankha yankho lawo. Chilankhulo chilichonse chimene fomuyo yamasuliridwamo chiyesedwe pachokha, chifukwa funso limene lamveka bwino m'Chichewa lingasocheretse anthu m'Chitumbuka kapena m'Chisena.