Webuhuku si mankhwala a chilichonse

"Kufunsafunsa seva n'kwachikale, webuhuku ndiye zonse." Zimenezi ndatopa nazo kumva.

Webuhuku imafulumira ndithu: seva imakutumizirani uthenga ntchito ikangofika. Koma makina anu ayenera kukhala ndi adiresi yofikirika pa intaneti, ndipo magetsi akazima uthengawo umagogoda pakhomo popanda woyankha. Maseva ena amayesanso kangapo, kenako n'kusiya.

Kufunsa seva pamasekondi 30 alionse ngati kwafika ntchito yatsopano ndi mafunso 2,880 patsiku, ambiri obwerera chimanjamanja. Komabe makina akadzuka, amafunsa "chafika n'chiyani pambuyo pa ntchito nambala 412?" n'kutolera zotsala zonse. Pamene netiweki imadukaduka, ine ndimasankha kufunsafunsa kumeneku.

Musanauze anzanu kuti webuhuku ndiye zonse, yesani nokha: zimitsani makina olandira kwa ola limodzi, muwayatse, muwerenge ntchito zimene zasowa.