Ululu wa pamkono mbali ya chala chachikulu: ndi mtsempha kapena ndi nyamakazi?

Anthu ambiri dzanja likamapweteka mbali ya chala chachikulu chija, pafupi ndi pomwe timavala wotchi, amangoti ndi nyamakazi basi nkukagula panado pa golosale. Koma pamalo pamenepa pali matenda awiri osiyana omwe amakhala moyandikana kwambiri, kutalikirana kwake mwina masentimita 2 okha, ndipo chithandizo chake sichifanana. Ndiye musanamange bandeji kapena kupempha jakisoni, yambani mwadziwa kuti pakupweteka ndi pati penipeni.

Oyamba ndi a mtsempha. Tikunena mitsempha yoyera yolimba ija yomwe imakoka fupa, osati yodutsa magazi ayi. Pali iwiri yomwe imachokera mu mkono kukakoka chala chachikulu kuti chitambasuke ndi kutalikana ndi zinzake, ndipo podutsa pa kafupa kotukuka kapambali pa mkono imalowa mu kanjira kothina, monga momwe waya wa buleki ya njinga amayendera mkati mwa paipi yake. Khoma la kanjira aka likatupa nkukhuthala, mitsempha ija imavutika kutsetsereka ndiye kusuntha chala kulikonse ndi ululu. Kuchipatala amati matenda a De Quervain, potengera dokotala wa ku Switzerland Fritz de Quervain yemwe anawafotokoza mu 1895.

Achiwiri ndi nyamakazi ya patsinde pa chala chachikulu, pomwe fupa la chalacho limakumana ndi kafupa kakang'ono ka m'dzanja. Apa mtsempha ulibe mlandu, chomwe chatha ndi kachikuta koterera komwe kamakuta nsonga za mafupa, ndiye mafupawo amakhulana okhaokha.

Tiyerekeze pakhomo pamodzi pali mayi wa zaka 28 yemwe ali ndi khanda la miyezi 3, ndi apongozi ake a zaka 62, onse akudandaula dzanja lamanja mbali yomweyo. Mayi wachichepereyu zinamuyamba masabata ochepa apitawa, akamanyamula mwana pomugwira m'khwapa zala zazikulu zitatambasuka amamva kubaya, pofinya matewera ndiye kumakhala kulira, ndipo ululu pena umakwera mu mkono kulowera kuchigongono. Mukamuuza kuti aloze ndi chala chimodzi akuloza pa kafupa kotukuka kaja, pamkono, ndipo pakuoneka kotupa pang'ono. Agogo aja awo anayamba kalekale pang'onopang'ono, amawapweteka akamatsina chinthu, kupotokola kiyi pa loko, kutsegula botolo, kutonola chimanga, kuswa mtedza, ndipo akuti zinthu zikumawapulumuka m'manja. Iwo akuloza mmunsi pang'ono kulowera kudzanja, pomwe payambira mnofu wonenepa wa chala chachikulu, ndipo pamenepo patukuka bampu yolimba ya fupa.

Zaka zokha zikutiuza kale kanthu. De Quervain amakonda azimayi a zaka zapakati pa 30 ndi 50 komanso makamaka oyembekezera ndi oyamwitsa, pomwe nyamakazi iyi imakonda azimayi omwe anasiya kusamba. Koma zaka si umboni, agogo olera zidzukulu nawonso mtsempha umawatupa, ndipo munthu mmodzi atha kukhala ndi onse awiri nthawi imodzi.

Kuyesa kwake mutha kuyamba panyumba. Pindani chala chachikulu chigone m'chikhatho, chifumbateni ndi zala zinazo, kenako pindirani dzanja lonse pang'onopang'ono kulowera mbali ya kachala kakang'ono. Ngati ndi mtsempha mumva ululu wakuthwa pa kafupa kaja mpaka kusiyira panjira. Chenjezo apa ndi loti olo dzanja labwinobwino limakoka nkupweteka pang'ono mukatero, ndiye yesani manja onse awiri mufananize, ndipo musachite mwamphamvu kapena kubwerezabwereza. Za nyamakazi amayesa ndi adokotala: amagwira fupa la chalacho nkulikankhira kutsinde uku akulizunguza, likapweteka ndi kumveka kukhukhuta mkati ndiye kuti vuto lili pa mfundo. Ekisire imaonetsa bwino nyamakazi, mpata wa pakati pa mafupa umakhala wachepa, koma kwa mayi wa khanda uja ekisire ituluka yabwinobwino chifukwa mtsempha suoneka pamenepo, ndiye asaganize kuti akumunamiza kapena matenda palibe. Komanso achikulire ambiri ekisire imaonetsa kutha kwa mfundo imeneyi chonsecho sakumva kupweteka kulikonse, nchifukwa chake wachipatala ayenera kuligwira dzanjalo osangoyang'ana chithunzi.

Kwa mayi uja chithandizo chimayamba ndi kupumitsa mtsempha. Chomangira chake chiyenera kugwira mkono ndi chala chachikulu pamodzi kwa masabata 4 mpaka 6, bandeji yongozunguliza pamkono chala chili pamtunda siithandiza kwenikweni. Ndikudziwa kuti kuuza mayi wa khanda kuti apumitse dzanja nkovuta, bola asinthe kanyamulidwe: alowetse chikhatho pansi pa matako a mwana, china kumsana, zala zonse zitagundana, poyamwitsa atsamiritse mwana pa pilo mmalo mogwira mutu ndi dzanja nthawi yonseyo, ndipo kufinya zovala abambo kapena achibale athandizeko, iyi si nkhani ya ulesi. Ambiri zimatha zokha mwana akakula kapena akasiya kuyamwa. Zikakanika pali jakisoni wa siteroyidi yemwe amabayidwa mu kanjira kaja, ndipo pa matenda awa amagwira ntchito bwino kwa anthu ambiri. Koma funsani musanabayidwe, chifukwa pakhungu lakuda malo obayidwawo atha kuyera nkukhala choncho kwa miyezi, ndipo odwala shuga, shugayo imawakwera kwa masiku angapo. Anthu ena kanjira kaja kamakhala kogawika pawiri mkati ndiye mankhwala amafika mtsempha umodzi wokha, nchifukwa chimodzi chomwe jakisoni amalepherera. Apo ndiye pamabwera opaleshoni yaing'ono yotsegula kanjirako.

Kwa agogo nkhani ndi ina, kachikuta kakatha sikameranso, cholinga ndi kuchepetsa ululu ndi kusunga mphamvu ya dzanja. Chomangira chawo ndi chachifupi, chogwira tsinde la chala koma mkono uzipindika, chovala pogwira ntchito kapena masiku omwe kwavuta. Achepetse kutsina ndi nsonga za zala, azigwira zinthu ndi dzanja lonse, mpini wa mpeni kapena mthiko aukulunge kansalu kuti unenepe, ndipo a fiziyo amaphunzitsa mafizo olimbitsa minofu yozungulira mfundoyo. Mankhwala opaka a dayikilofenaki ndi abwino kuyamba nawo kusiyana ndi kumwa mapilitsi tsiku ndi tsiku. Jakisoni apa amangopereka mpumulo wa kanthawi. Zikafika poti sakugona kapena sakutha kudzigwirira kanthu, pali opaleshoni yochotsa kafupa kakang'ono ka m'dzanja kaja, koma kuchira kwake ndi miyezi.

Za bulufeni samalani nonse, amene muli ndi zilonda za mmimba, vuto la impso kapena muli oyembekezera musamwe musanafunse kuchipatala.

Pali nthawi zina zomwe simuyenera kudziyesa nokha kunyumba. Ngati ululu unayamba mutagwa nkutsamira chikhatho, ndipo pakupweteka mu kadzenje kamene kamaoneka patsinde mukatukula chala chachikulu, mwina kafupa kathyoka, ndipo kuthyoka kwake nthawi zina sikuoneka pa ekisire yoyamba komanso kafupako kamavuta kulumikizika mukachedwa. Ngati patupa, pakutentha ndipo thupi likutenthanso, pitani tsiku lomwelo. Dzanzi la chala chachikulu, cholozera ndi chapakati lomwe limakudzutsani usiku ndi vuto lina la kupanikizika kwa mtsempha wa ubongo pamkono, ndipo mfundo zambiri za manja onse awiri zikamatupa ndi kuuma mmawa kwa ola lathunthu imeneyo ndi nyamakazi ya mtundu wina yofuna kuyeza magazi. Pa chipatala cha boma funsani mbali ya mafupa, mukafotokoze kuti zinayamba liti, ntchito iti imayambitsa ululu, ndipo mukaloze malowo ndi chala chimodzi.