Mphatso zimene bungwe linalandira: zimene a MRA amafunsa pokonzanso chikalata chosalipira msonkho

"Ndife kabungwe kodyetsa ana amasiye cha ku Namwera, ndipo laisensi ya NGORA tili nayo. Nanga a MRA akufuniranji kudziwa amene anatipatsa ndalama?"

Awa ndi maofesi awiri, aliyense ndi ntchito yake. NGORA, imene inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo la mabungwe litasinthidwa mu 2022, imakulolani kugwira ntchito ngati bungwe. Za msonkho mwini wake ndi MRA. Lamulo la msonkho limakhululukira ndalama za mabungwe achifundo, achipembedzo ndi amaphunziro amene amathandiza anthu wamba, choncho musanapatsidwe chikalata chatsopano amafuna kuona kuti zimene zinalowa zinalidi mphatso, komanso kuti zinapita kwa anawo, osati m'matumba mwa akomiti.

Onani tsiku lothera pa chikalata chanu ndipo muyambe msanga. Konzani TPIN, imene ndi nambala ya msonkho ya bungwe, malamulo ake, laisensi ya chaka chino, lipoti la zachuma, sitetimenti ya kubanki ya chaka chonse, ndi ndandanda wa mphatso.

"Sitetimenti ikuonetsa ndalama zambiri kuposa za m'buku lathu la mphatso. Tiyankhe bwanji?"

Apa ndi pamene mabungwe ang'onoang'ono amakodwa, ngakhale palibe amene anaba. Tiyerekeze kuti kubanki kunalowa K9,000,000 koma buku likunena K6,500,000. Ofisala safuna kumva kuti ndinu anthu okhulupirika. Akufuna mumuuze kumene K2,500,000 inachokera.

A Msungichuma, khalani pansi ndi sitetimenti ndi pensulo, mutsate mzere ndi mzere. Mwina mupeza kuti K800,000 anasungitsa ndi a Tcheya, zochokera kwa ana a m'mudzi amene ali ku Joni, omwe amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ya a Tcheyawo. Imeneyi ndi mphatso ndithu, koma pasitetimenti pakuoneka dzina la munthu mmodzi. Pemphani sitetimenti ya nambala ya foniyo, mulembe tsiku, wotumiza ndi kuchuluka kwake, ndalamazo zilowe m'buku. Kuyambira pano mphatso isamadutsenso pa foni ya munthu.

Ina K500,000 ikhoza kukhala imene membala wa bodi anabwereka bungwe mu Febuluwale phala litatha. Ngongole si mphatso. Pakhale kalata yosainirana ndi maminitsi a msonkhano umene unavomereza. Popanda zimenezi, tsiku lobweza zidzaoneka ngati bungwe likugawira akomiti ndalama, ndipo chimenechi chokha chikhoza kuika chikalata chanu pachiswe.

Yotsala, K1,200,000, n'kutheka ndi ya kuchigayo chimene bungwe limayendetsa. Imeneyi ndi ya bizinesi. Musaibise pakati pa mphatso poganiza kuti zonse zimathera pa phala la ana. Ikhale ndi tsamba lakelake, pamodzi ndi zimene munawononga pa magetsi ndi malipiro a wogayitsa, kenako funsani a MRA mwa kalata mmene aziionera, yankho lawo mulisunge.

"Pa Ramadani timalandira matumba a chimanga ndi mpunga, ndipo ena oponya sadaka safuna kutchulidwa."

Katundu nayenso alembedwe: tsiku, wopereka, matumba angati a makilogalamu 50, ndi mtengo wake pamsika tsiku limenelo. Pogawa, olandira asaine kapena adinde chala. Mwa mapepala onse, limeneli ndi limene limasowa kawirikawiri, chifukwa tsiku logawa aliyense amakhala ali kalikiliki.

Za m'bokosi la kumzikiti kapena kutchalitchi, anthu awiri aziwerenga limodzi, asaine, ndalamazo zipite kubanki zonse musanatapepo ngakhale ya sopo. Mulembe kuti ndi zopereka za m'bokosi, musapeke maina. Koma munthu wopereka ndalama zochuluka ndi nkhani ina. Mukhoza kusamulengeza pagulu, komabe dzina lake ndi kalata yake zikhale m'faelo, pakuti nayonso banki imafunsa gwero la ndalama potsatira lamulo la 2017 lothana ndi milandu ya zachuma. Zochokera kunja zilembedwe m'makwacha amene banki inaika mu akaunti, ndipo kapepala kosonyeza mtengo wosinthira kamatidwe pomwepo.

"Tikalandira chikalatacho, basi za msonkho tathana nazo?"

Ayi. Chimakhudza ndalama za bungwe, osati za anthu amene mumawalipira. Wantchito amene malipiro ake afika polipira msonkho mumamudula PAYE, msonkho wa pa malipiro, n'kuipereka pofika pa 14 mwezi wotsatira. Polipira lendi kapena kontilakitala amene akumanga khitchini, pali msonkho umene mumadula musanamupatse ndalama, pokhapokha akuonetseni chikalata chake chomukhululukira. Katundu wochokera kunja wolowa pa chipata cha Chiponde ali ndi chilolezo chakechake cha kasitomu, chopempha galimoto isananyamuke. Zotsalira za misonkho imeneyi zimaoneka pa TPIN yanu mu Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, ndiye yambani mwaziona musanapereke pempho.