Phindu losungidwa kunja: boma limalipeza bwanji?

Pamalamulo, kampani ndi munthu payokha. Kampani yaikulu ikatsegula ina yaing'ono kunja, phindu la yaing'onoyo ndi lakelake, ndipo boma la kwawo kwa yaikuluyo limangodikira tsiku limene ndalamazo zidzatumizidwe ngati madividendi kuti lidulepo msonkho. Nanga zikapanda kutumizidwa? Mpata umenewu ndi umene malamulo a CFC, okhudza makampani akunja olamulidwa ndi eni a m'dziko lokhometsa msonkholo, anabwera kudzatseka. Dziko la America linakhazikitsa ake mu 1962, Germany mu 1972, Britain mu 1984.

Tiyerekeze kampani ya m'dziko limene msonkho wa phindu ndi 30 peresenti. Yalembetsa kampani ina kudziko la 5 peresenti n'kuipatsa umwini wa dzina la malonda ake. Aliyense wogwiritsa ntchito dzinalo tsopano akulipira kumeneko, ndipo pachaka pakulowa madola 10 miliyoni. Msonkho wa uko ndi madola 500,000 basi, pamene kwawo ukanakhala 3 miliyoni. Mukapita kukaiona kampaniyo mupeza chikwangwani pakhomo la loya, kabati ya mafayilo, ndi dairekitala amene amasainiranso makampani ena ambirimbiri.

Okhometsa msonkho amayamba ndi kufunsa amene akuilamulira. Kawirikawiri masheya kapena mavoti opitirira theka ndiwo muyeso, ndipo amaphatikiza a makampani achibale kuti wina asazembe pogawa masheyawo zidutswazidutswa. Kenaka amaona msonkho umene walipidwa: lamulo la European Union la 2016 limagwira kampani imene yalipira wosakwana theka la umene ikanalipira kudziko la kampani yaikulu. Ya m'chitsanzo chathuchi yakodwa ponseponse. Boma limawerenga madola 10 miliyoni aja ngati phindu la kampani yaikulu chaka chomwecho, ngakhale sanatumizidwe, limachotsa 500,000 yolipidwa kale, n'kulipiritsa 2.5 miliyoni.

Mtundu wa phindu ndiwo umautsa mikangano. Malamulowa amasaka ndalama zosavuta kusamutsa ndi cholembera chabe, monga chiwongoladzanja, madividendi ndi malipiro a umwini wa dzina kapena luso. Fakitale yeniyeni, ya makina ndi antchito, nthawi zambiri saikhudza, ndipo ine ndimaona kuti n'zoyenera, chifukwa amene wamanga fakitale kunja sanabise kanthu. Mu 2006, pamlandu wa Cadbury Schweppes, khoti la European Union linagamula kuti Britain singalange kampani kaamba kongokhazikika ku Ireland kumene msonkho ndi wotsika, pokhapokha kukhazikikako kukhale kwachiphamaso.

Vuto lili pakatipa. Kampani yochenjera imachita lendi ofesi, kulemba antchito atatu, n'kunena kuti ntchito ikugwiridwa. Apa wofufuza amasiya kuwerenga madesiki n'kuyang'ana kumene dzinalo linakulira, amene amalipira zolitsatsa, ndiponso kumene mfundo zimamangidwa. Maimelo akaonetsa kuti chilichonse chimachokera kulikulu, dairekitala wa uko n'kumangosaina, ofesi ija siithandiza kanthu.