Mahashitagi 30 sagulitsa diresi

Ndatopa nalo funso lakuti, "Kodi ndiwonjezere angati kuti anthu andione?" Musawonjezere. Chotsani. Pansi pa chithunzi cha bizinesi, mahashitagi, mawu oyamba ndi chizindikiro cha #, atatu mpaka asanu akwana. Kwa zaka zambiri Instagram inkalola kuika mpaka 30, anthu nkumaganiza kuti ndi lamulo kudzaza onsewo, koma mu 2021 eni akewo adalangiza atatu mpaka asanu. Pa Facebook, imodzi kapena awiri basi.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mayi wina wosoka madiresi a chinkhoswe ku Lilongwe. Mnyamata wina wodzitcha katswiri adawagulitsa mndandanda wa mahashitagi, iwo nkumaumata pa chithunzi chilichonse: #love, #instagood, #fashion, #followforfollow. Malaiki ankabwera ndithu, koma kuchokera ku maakaunti opanda nkhope a kumaiko akutali. Wofunsa mtengo kunalibe. Pansi pa #fashion pamagwa zithunzi zosawerengeka mphindi iliyonse, moti diresi lawo linkamira lisanaonedwe. Adabwera kwa ine nyengo ya maukwati itatha, nsalu zili mulu. Akadabwera msanga, zinali zokonza tsiku limodzi.

Tidasiya anayi okha, iliyonse ndi ntchito yake: #chitenje kutchula katundu, #chinkhoswe kutchula mwambo umene wogula akukonzekera, #Lilongwe kutchula kumene angawapeze, ndiponso dzina la shopu yawo kuti ntchito zawo zonse zizipezeka pamodzi. Kenako tidalemba bwino mawu ofotokoza chithunzicho: diresi lanji, nsalu yanji, litha masiku angati, mtengo wake. Instagram ikamafufuza imawerenganso mawu amenewa, choncho hashitagi siingapulumutse chithunzi cholembedwa "zafika" basi.

Musanaike hashitagi, idinizeni muone zili mkatimo. Anthu salabadira izi, ndipo zimandikwiyitsa. Pansi pa #Malawi mupezamo zithunzi zambiri za nsomba za mbuna zimene azungu amaweta m'magalasi. Blantyre iliponso ku Scotland. Ngati zimene mwaonazo sizikufanana ndi malonda anu, wogula wanu sali kumeneko.

Samalaninso kalembedwe. Hashitagi imaduka ikakumana ndi mpata kapena kachizindikiro, ndiye wogulitsa ziweto akalemba #ng'ombe, imene imagwira ndi #ng yokha. Lembani #ngombe. Mawu akakhala angapo, yambani lililonse ndi chilembo chachikulu, monga #MadiresiAChinkhoswe, kuti awerengeke. Ndipo akaunti ikakhala yotseka, anthu osakutsatirani sangaone chithunzi chanu ngakhale muike hashitagi yabwino bwanji.

Za ogulitsa mindandanda ndi otsatira, musawapatse ngakhale tambala. Afunseni kuti mndandanda womwewo augulitsa kwa anthu angati, wosoka, wowotcha tchipisi ndi wokonza mafoni omwe. Otsatira ogulidwawo sayankha, sagula, ndipo malamulo a Instagram amaletsa, moti akhoza kuchotsedwa kapena akaunti yanu kulangidwa. Tsegulani Insights, gawo la Instagram loonetsa ziwerengero za akaunti yanu, muone mizinda imene otsatira anu ali. Mukapeza kuti ambiri sali kumene mungatumize katundu, chotsani mndandandawo lero.