Pinki wowala si mapeto a taitireshoni

"N'chifukwa chiyani yankho lako la asidi lakwera kuposa la anzako?"

Aphunzitsi, ndinkakhulupirira zomwe ambiri timaganiza, zoti fenofutalini, mankhwala osintha mtundu asidi akatha, asonyeze pinki wowala ndiye taitireshoni, ntchito yoyeza mphamvu ya asidi, yatha. Si zoona. Mapeto ndi pinki wotuwa kwambiri, wosazimiririka kwa masekondi 30 mukazunguza botolo.

Ineyo ndinauona pa mamililita 25.0, koma ndinaukayikira n'kupitiriza kudontheza sodiyamu haidulokisaidi wa 0.100 M mpaka 26.5. Motero asidi wanga wa haidulokuloriki, mamililita 25.0, anatuluka 0.106 M m'malo mwa 0.100 M. Pamenepo n'kuti asidi atatha kale. Madontho enawo ankangokometsa mtundu.

Chonde mundilole ndibwereze, nditaika pepala loyera pansi pa botolo.

Ine wophunzira wanu.