Kutsegula m'mimba kwa masabata ambiri si njoka za m'mimba zokha

"Munthu wamkulu akatsegula m'mimba kwa mwezi, zimenezo ndi njoka. Angomwa albendazole, basi." Uthengawu umabwerabwera m'magulu kuno ku Salima ndi Nkhotakota, ndipo ndi wabodza.

Tizilombo timatsegulitsadi m'mimba nthawi yaitali, koma n'tosiyanasiyana. Giardia, yemwe timamwera m'madzi osatetezedwa, amatupitsa mimba, chimbudzi n'kumatuluka chamadzi, chonunkha kwambiri, kawirikawiri chopanda magazi. Amiba amabweretsa magazi ndi zonanda. Kwa ife osamba ndi kuchapa m'nyanja palinso likodzo la m'matumbo, lomwe mankhwala ake ndi praziquantel. Albendazole salithetsa.

Kutsegula koyambitsidwa ndi mabakiteriya kumabwera mwadzidzidzi, nthawi zambiri ndi kutentha thupi, ndipo sikukonda kupitirira masabata 2. Kukapitirira mwezi, achipatala amayezanso HIV, chifukwa chitetezo chikatsika, matenda omwe akanatha okha amakakamira.

Tsono pali nthenda za matumbo enieniwo, zosapatsirana. Taganizani za bambo wa zaka 55 amene akuona magazi, akuwonda, wamwa Flagyl kawiri koma osasintha. Ameneyo atha kukhala ndi zilonda zotupa m'matumbo, kapena khansa. Afunika kumuunika m'matumbo, ndipo mapiritsi a pagolosale akungomuchedwetsa.

Musanakhulupirire uthenga wotere, onani ngati ukunena zokayezetsa. Ukatchula mankhwala amodzi pa kutsegula kulikonse, musautumize kwa ena. Wodwalayo azimwa Thanzi ORS, apite kuchipatala akayezetse chimbudzi. Mwina adzamuuza abweretsenso tsiku lina, poti tizilomboti sitioneka tsiku lililonse.